Ndinakweza ndi 20 peresenti, ndinatsitsa ndi 20 peresenti, nanga K600 yanga yalowera kuti?

"Ine ndimagulitsa zitenje ku Limbe. Chitenje chimodzi chinali K15,000, ndiye tsiku la anakubala litayandikira ndinakweza ndi 20 peresenti. Litadutsa ndinati ndibwerere pa mtengo wakale, ndinatsitsa ndi 20 peresenti yomweyo, koma kalikuleta ikundipatsa K14,400. Mwana wanga wa fomu 2 akuti kalikuletayo ili bwinobwino. K600 yasowera pati, kapena ndikulakwitsa kudina?"

Mayi, mwanayo akunena zoona, kalikuleta ilibe mlandu, ndipo inunso kudina simunalakwitse. Chimene chakupusitsani ndi mawu akuti "yomweyo". 20 peresenti imene munakwezera ndi 20 peresenti imene munatsitsira dzina ndi limodzi inde, koma ndalama zake ndi zosiyana, yoyamba inali K3,000 yachiwiri inali K3,600, ndiye mukaika zikwi zitatu m'thumba n'kutulutsamo zikwi zitatu ndi mahandiredi sikisi nanga m'thumbamo muziyembekezera kupezamo chani.

Peresenti payokha si ndalama, ili ngati mawu akuti theka. Munthu akakuuzani kuti ndikupatsani theka simuyamba kuvina kaye, mumafunsa kuti theka la chani, chifukwa theka la thumba la chimanga ndi theka la ndowa ndi zinthu ziwiri ngakhale onse akutchedwa theka. Peresenti nayonso nthawi zonse imakhala ya chinachake, ndipo tikamakweza kapena kutsitsa mtengo chinachakecho chimakhala mtengo umene uli pa katundu nthawi imeneyo, osati umene unalipo mwezi watha.

Tiyeni tichite zooneka ndi maso, ine masamu a peresenti ndimakonda kuwafotokoza ndi milu ngati ya tomato. 20 peresenti ndi gawo limodzi mwa magawo asanu. Tengani K15,000 yanuyo muyale pa benchi, muigawe milu isanu yofanana, mulu uliwonse ukhala wa K3,000. Kukweza ndi 20 peresenti ndiye kuti mwabweretsa mulu wina umodzi wofanana ndi inzakeyo, pabenchi pali milu sikisi tsopano, K18,000. Mpaka apa palibe vuto ndipo ndikhulupirira mtengo umenewu ndi umene munagulitsira sabata ija anthu amapanikizana kugulira amayi awo zitenje pa 15 Okutobala.

Tsopano mukauza kalikuleta kuti chotsa 20 peresenti, iyo sidziwa kuti pabenchi panali milu sikisi ya K3,000, sikumbukira n'komwe kuti kunali K15,000, imangoona K18,000 basi. Ndiye imaphwasula milu yanu yonse ija, n'kuisakaniza, n'kuigawanso kasanu mwatsopano, ndipo poti ndalama zachuluka mulu uliwonse wanenepa, wafika K3,600. Imachotsa mulu umodzi wonenepawo. Yatsala milu inayi ya K3,600, ndiyo K14,400 imene mukuionayo.

K600 yanu ndingathe kukulozerani ndi chala pamene ili. K18,000 ija ndi K15,000 yakale kuphatikiza K3,000 yoonjezera. Pochotsa 20 peresenti, kalikuleta inaluma mbali zonse ziwiri. Pa K15,000 yakale inachotsa K3,000, ndipo ikanathera pomwepo bwenzi mutabwerera ndendende pamene munali. Koma inapitiriza, inachotsanso 20 peresenti ya K3,000 yoonjezera ija, imene ili K600. Ndi imeneyo. Ndi peresenti ya peresenti, kamwana kamene kamabadwa nthawi iliyonse mukasanjikiza peresenti pamwamba pa inzake.

Mwina mukuti aaa K600 yokha pa K15,000, si 4 peresenti chabe imeneyo. Eya ndi 4 peresenti ya mtengo, koma inu simudya mtengo, mumadya phindu. Simunanene kuti mumapikula pa zingati ndiye ndingoyerekeza, tinene K12,000 chitenje. Pa K15,000 mumatsala ndi K3,000. Pa K14,400 mukutsala ndi K2,400. K600 yonseyo yachoka ku mbali yanu, wokuodetsani uja yake K12,000 alandira yathunthu, ndiye phindu lanu latsika ndi gawo limodzi mwa asanu. Zitenje 50 zikatuluka pa mtengo umenewo mwasiya K30,000 m'manja mwa makasitomala amene sanakunenerereni n'komwe, ndalama yoti mukanapikulira zitenje zina ziwiri n'kutsalanso ya minibasi. Apa ndi pamene ine zimandiwawa, chifukwa munthu amadzangoona mpamba ukuchepa osadziwa kuti wadontha pati, n'kuyamba kukaikira mtsikana wothandiza pabenchi.

Ndiye kuti mubwerere pa K15,000 kuchoka pa K18,000 mutsitse ndi peresenti zingati? Bwererani ku milu ija isanaphwasulidwe. Pabenchi pali milu sikisi ya K3,000, mukufuna kuchotsapo umodzi. Mulu umodzi mwa sikisi. Popita unali umodzi mwa isanu, pobwera ndi umodzi mwa sikisi chifukwa iwo womwe wayamba kuwerengedwa nawo m'gulumo. Gawo limodzi mwa sikisi mu peresenti ndi 16.67, ndipo nambala imeneyi ndi yosatha, masikisi amangopitirira, nchifukwa chake ine sindilimbikitsa kuidina pa kalikuleta. Mukati 17 peresenti mufika pa K14,940, mukati 16 mufika pa K15,120, pena paliponse mukuphonya pang'ono.

Njira yoyera ndi iyi, ndipo mwana wa fomu 2 uja aimva msanga. Kukweza ndi 20 peresenti n'chimodzimodzi kuchulukitsa mtengo ndi 1.2, chifukwa mukusunga chathunthu chija, ndiye 1, n'kuonjezapo 0.2. Kutsitsa ndi 20 peresenti n'chimodzimodzi kuchulukitsa ndi 0.8, chifukwa pa 100 iliyonse mukutsala ndi 80. Zimene munachita inuyo ndi izi:

```
15000 × 1.2 = 18000
18000 × 0.8 = 14400
1.2 × 0.8 = 0.96
```

Mzere wachitatuwo ndiye nkhani yonse. Kuti munthu abwerere pamene anayambira, manambala awiriwo akachulukitsana ayenera kutulutsa 1, koma apa atulutsa 0.96, kutanthauza kuti pa K100 iliyonse mwatsala ndi K96. Mutu wathu umafuna kuona ngati ndi kuphatikiza 20 n'kuchotsa 20, zimene zimapereka ziro, pomwe zimene zikuchitikadi ndi kuchulukitsa. Ndipo chimene chimamasula kuchulukitsa ndi kugawa. Munachulukitsa ndi 1.2, ndiye gawani ndi 1.2 yomweyo:

```
18000 ÷ 1.2 = 15000
```

Apa pokha ndi pamene mawu akuti "yomweyo" amagwira ntchito. Kukanakhala kuti munakweza ndi 15 peresenti mukanagawa ndi 1.15, ndi 35 peresenti mugawa ndi 1.35, ndi 5 peresenti mugawa ndi 1.05, samalani pamenepa osalemba 1.5 chifukwa imeneyo ndi 50 peresenti.

Pali funso limene anthu amafunsa akangomva zimenezi, amati nanga ndikayamba ndi kutsitsa kenako n'kukweza, si ndiye kuti ndipindula? Ayi, mugwa pa nambala yomweyi. K15,000 kuchotsa 20 peresenti ndi K12,000, ndiye 20 peresenti ya K12,000 ndi K2,400 yokha, mukaonjeza mufika pa K14,400. Ulendo uno mulu umene mwachotsa ndi wa K3,000 koma umene mwabwezera ndi woonda. Muona kuti njira zonse ziwiri kutsitsa kumachitikira pa ndalama yaikulu, kukweza kumachitikira pa ndalama yaing'ono, ndiye kutsitsa kumawina basi, kaya kwayamba kaya kwatsiriza. Amene amachita selo ya kumapeto kwa mwezi amve bwino apa, mukatsitsa ndi 20 peresenti pafunika 25 peresenti kuti mubwerere, chifukwa K3,000 pa K12,000 ndi kota. Mukatsitsa ndi theka pafunika 100 peresenti yathunthu, mtengo uwirikize kawiri.

Ndipo mukazolowera kumachita zimenezi nyengo iliyonse, anakubala kukweza n'kutsitsa, Khirisimasi kukweza n'kutsitsa, nyengo ya maukwati chimodzimodzi, osayang'ana m'buku, mtengo umangoseseleka pang'onopang'ono. Ulendo woyamba K14,400, wachiwiri K13,824, wachitatu K13,271. Inu mumtima mukuti ndikugulitsa pa mtengo wanga wakale uja, chonsecho phindu la K3,000 lija latsala K1,271, osakwana ndi theka lomwe.

Kukula kwa dzenjeli mungathe kukudziwiratu ndi mutu musanagwire kalikuleta. Tengani peresentiyo muichulukitse ndi iyo yomwe, mugawe ndi 100, yankho lake ndi peresenti imene mutaye. 20 kuchulukitsa 20 ndi 400, kugawa ndi 100 ndi 4, ndipo 4 peresenti ya K15,000 ndi K600 ija. Pa 10 peresenti mutaya 1 peresenti. Pa 5 peresenti mutaya kota ya peresenti imodzi, pa chitenje chanu ndi K37.50, ndalama yoti ngakhale chenji chake simungachipeze mumsika, ndipo ichi ndi chifukwa chake anthu ambiri amakalamba osazindikira nkhaniyi, pa timaperesenti tating'ono kusiyanako kumabisala. Koma kumakula mothamanga. Pa 50 peresenti mutaya 25, chitenje chichoka pa K15,000 kupita pa K22,500 n'kudzatera pa K11,250, pansi pa mtengo wopikulira. Pa 100 peresenti, kukweza kufika K30,000 kenako kutsitsa ndi 100 peresenti, ndiye kuti mukugawa zitenje zaulere pa Limbe.

Musadzimvere manyazi ayi, ine ndemwe zinandigwirapo, ndipo ndinali nditaphunzira kale za maakaunti. Ndili wachinyamata ndinkalemba mabuku pa shopu ina ya zipangizo zomangira mu tauni muno, dzina ndisatchule. Kunabwera bambo wina ndi lisiti ya K11,650, VAT ili momwemo, akufuna ndimulembere kuti katundu payekha anali zingati msonkho usanalowe, kuti akaonetse ku ofesi kwawo. VAT inali 16.5 peresenti. Ine mwachangu, kufuna kuoneka wodziwa, ndinadina 11650 kuchotsa 16.5 peresenti, inatuluka K9,727.75, ndinalemba, ndinadinda chidindo. Bamboyo anayang'ana pepalalo nthawi yaitali, kenako anangoloza pa shelefu pamene panali kapepala ka mtengo kolembedwa ndi cholembera chakuda, K10,000. Sananene kanthu. Ndinamva kutentha m'makutu. Msonkho unawerengedwa pa K10,000, ndiye unali K1,650, koma ine ndinauwerengera pa K11,650 n'kutulutsa K1,922.25. Ndikanangogawa ndi 1.165 ikanatuluka K10,000 yosalala. Kusiyana kwake kunali K272.25, ndipo mukayesa kanjira kaja ka kuchulukitsa peresenti ndi iyo yomwe, 16.5 kuchulukitsa 16.5 ndi 272.25, kugawa ndi 100 ndi 2.7225 peresenti, imene pa K10,000 ndi K272.25 ndendende. Mpaka lero ndimakumana ndi mainivoisi a anthu akuluakulu ovala tayi olakwika mwanjira yomweyi. Mulingo wa VAT boma limatha kuusintha ndiye muziona umene walembedwa pa lisiti, koma kachitidwe kake ndi komweko, kugawa osati kuchotsa.

Ina imene tonse tinaimva m'thupi ndi ya Novembala 2023, pamene banki yaikulu ya Reserve inagwetsa kwacha. Dola imodzi inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700, ndipo nambala imene inamveka paliponse, pa wailesi, m'minibasi, inali 44 peresenti. Nambalayo ndi yoona mukamayang'ana mtengo wa dola, chifukwa dola inakwera ndi K520, ndipo K520 pa K1,180 ndi 44 peresenti. Koma tembenukani muyang'ane kuchokera ku mbali ya kwacha. Munthu amene anali ndi K100,000 akanagula madola pafupifupi 85 dzulo lake, m'mawa mwake ndalama yomweyo ikugula pafupifupi 59. Yataya mphamvu ndi pafupifupi 31 peresenti, chifukwa tsopano K520 ija tikuiyeza pa K1,700. Ndinamvapo anthu awiri akukangana mpaka kutukwanizana, wina akuti 44 wina akuti 30 ndi kanthu, onse akunena zoona, kungoti wina waima kumunsi kwa phiri akuyang'ana kumwamba, mnzake waima pamwamba akuyang'ana kumunsi. Ndipo dola ikanati itsike ndi 44 peresenti kuchoka pa K1,700 sikanaima pa K1,180, ikanapitirira mpaka K952. Inu amene katundu wanu wambiri amachokera kunja nkhani imeneyi ndi yanu, wokuodetsani akamati dola yakwera ndi mwakuti ndiye nane ndakweza ndi mwakuti, muzifunsa kuti kuchokera pa zingati kufika pa zingati.

Pali nthawi imodzi imene 20 ndi 20 zimabwereradi pa malo amodzi, ndi pamene onse awiri akuyezedwa pa mtengo umodzi. Mukanena kuti ndikuchotsa 20 peresenti ya mtengo woyamba uja, ndiye kuti mukuchotsa K3,000, mwafika pa K15,000 bwinobwino. Ndikuganiza kuti mumtima mwanu ndi zimene mumatanthauza. Vuto ndi loti batani la % pa kalikuleta silimva za mumtima, limagwira nambala imene ili pa sikirini nthawi imeneyo. Ndipo kasitomala naye akaona chikwangwani cholembedwa kuti tatsitsa ndi 20 peresenti amayezera pa mtengo umene anauona dzulo, K18,000, ndiye mukalemba choncho n'kumutchaja K15,000 akapezeka wodziwa masamu akuuzani kuti mwamubera K600, ndipo pamenepo iye ndi amene akhale wolondola.

Ine ndikanakhala inu pa chikwangwani sindikanalembapo za peresenti n'komwe. Ndikanalemba "chinali K18,000, pano K15,000", anthu amamva msanga ndalama kuposa peresenti ndipo palibe wokangana naye. M'buku lanu la geni, tsiku limene mukukweza mtengo muzilemba zinthu zitatu pa mzere umodzi, mtengo wakale, ndalama imene mwaonjeza mu makwacha, ndi mtengo watsopano. Tsiku lotsitsa muzingoyang'ana kuti makwacha amene mukuchotsa akufanana ndi amene munaonjeza aja kapena ayi. K3,000 inalowa, K3,000 ituluke. Mukaona ikutuluka yoposa pamenepo mudziwe kuti milu yaphwasulidwa.

Kwatsala ka nkhani kamodzi kovutirapo, makasitomala amene agula kale pa K14,400. Amenewo asiyeni, simungawatsatire ku Bangwe kapena ku Ndirande kukaitanitsa K600. Koma mawa mukamabwezera mtengo pa K15,000 musati poti ndinataya 4 peresenti ndingokweza ndi 4 peresenti, chifukwa 4 peresenti ya K14,400 ndi K576, mufika pa K14,976, mwaperewera ndi K24, msampha womwe uja wakugwiraninso kachiwiri. Ingofufutani mulembe K15,000 ndi dzanja. Wina akadandaula kuti dzana ndinagula chotchipa, mumuuze kuti inali selo ndipo yatha.